Mmene munthu wosaona amayendera pa tsamba la pa intaneti

Mapulogalamu owerengera anthu osaona, monga NVDA ndi JAWS, amatchula mokweza zolembedwa pa tsamba la pa intaneti mzere ndi mzere kuyambira pamwamba. Woona amangoponya maso n'kupeza chimene akufuna, koma wosaona amadalira zizindikiro zimene wokonza tsambalo anaika mkati mwa HTML kuti adumphe zosamukhudza.

Chizindikiro chachikulu ndi mitu, imene ili m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira `h1` mpaka `h6`. Pa tsamba la koleji loitana ofuna malo, "Kulembetsa maphunziro" ukhala `h1`, "Zofunika" ndi "Malipiro" ikhala `h2`, ndipo "Malipiro a ogonera", poti ndi nthambi ya malipiro, ukhala `h3`. Wofuna kudziwa fizi akadina batani la H, pulogalamu imalumphira pa mutu wotsatira n'kutchulanso gulu lake. Akadina 2, imaima pa mitu ya `h2` yokhayokha, moti kudina kawiri basi wafika.

Apa ndi pamene okonza ambiri amalakwitsa. Ena amangokulitsa zilembo n'kuzidetsa. M'maso zimaoneka ngati mutu, koma pulogalamu imaziyesa mawu wamba, ndipo batani la H limangozipitirira. Ena amachoka pa `h2` kupita pa `h4` chifukwa akonda kukula kwa zilembo zake, womvetsera n'kuganiza kuti waphonya gawo lina. Kukula kwa zilembo ndi ntchito ya CSS. Nambala ya mutu imanena za malo ake m'nkhani.

Zigawo za tsamba nazo zili ndi mayina: `nav` ndi mndandanda wa malinki oyendera, `main` ndi nkhani yeniyeni, `footer` ndi zam'munsi. Mu NVDA batani la D ndilo limachoka pa chigawo china kupita pa china. Gawo la `main` likhale limodzi lokha, ndipo `nav` zikakhala ziwiri, iliyonse ipatsidwe dzina ndi `aria-label`, apo ayi zimamveka chimodzimodzi.

Linki yodumphira imaikidwa poyambirira penipeni pa tsamba, ndipo imathandizanso woona amene sangathe kugwira mausi, chifukwa iye alibe mabatani a H ndi D.

```html
<a href="#nkhani">Pitani ku nkhani</a>
<main id="nkhani">
```

Dzina la mu `href` lifanane ndi la mu `id`, ndipo zikasiyana linkiyo sipita kulikonse. Ambiri amaibisa kuti izionekera pokhapokha Tab ikafikapo, zomwe n'zololeka, koma kuibisa ndi `display: none` kumaichotseratu, ngakhale kwa pulogalamu yowerenga. Poyesa, munthu atsegule tsambalo n'kudina Tab kamodzi: linkiyo ionekere. Akadina Enter kenako Tab, ayenera kupezeka pa linki yoyamba ya m'nkhani. Akabwerera ku mndandanda wa pamwamba, ndiye kuti linkiyo sikugwira ntchito.