Uthenga wopempha kulumikizana pa LinkedIn: ulembedwe bwanji kuti usamveke ngati wamalonda?

Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amadziwanirana pa nkhani za ntchito, munthu amene simukumudziwa mumamufikira podina batani lolembedwa Connect. Pempho lanu likamufika, iye amaona dzina lanu, chithunzi, mzere wonena za ntchito yanu, ndi kauthenga kakafupi ngati mwakalemba. Ndiye amasankha pakati pa Accept ndi Ignore, kulola kapena kungokusiyani. Anthu a maudindo amalandira mapempho otere ambirimbiri, ndipo anazolowera kuzindikira wotsatsa malonda asanamalize ngakhale mzere woyamba.

Malo olembapo ndi ochepa kwambiri. Amene amagwiritsa ntchito LinkedIn yaulere amapatsidwa zilembo 200, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo mapempho okhala ndi uthenga amaloledwa owerengeka pa mwezi. Amene amalipira Premium amafika zilembo 300. Zilembo 200 ndi ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Pa kompyuta, mukadina Connect mumapeza Add a note, ndipo ndi pamene mumalemba. Pa foni m'pofunika kusamala, chifukwa nthawi zina kudina Connect kumatumiza pempho pompo lisanalembedwe kanthu. Njira yabwino ndi kutsegula tsamba la munthuyo, kudina timadontho titatu, kenako kusankha Personalize invite.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Lilongwe amene amagulitsa ndi kuika mapampu a sola. Waona mayi wina amene amayang'anira ntchito ya ulimi wamthirira ku Dedza, ndipo mayiyo analemba sabata yatha kuti mapampu a alimi ake akumatsekeka ndi mchenga madzi akaphwera m'mitsinje. Mnyamatayu akufuna adziwane nawo. Ambiri akanalemba motere:

"Moni bwana. Ndife kampani yotsogola pa mapampu a sola m'Malawi muno. Mitengo yathu ndi yotsika. Kodi mungapeze mphindi 15 sabata ino kuti tikambirane? Nambala yanga nayi."

Uthengawu ulibe mwano, komabe mayiyo aukana. Palibe mawu alionse osonyeza kuti walembedwera iwowo. "Moni bwana" angapite kwa aliyense, ndipo otsalawo akunena za kampani yokha: ndife, yathu, yanga. Choipa kwambiri n'chakuti ukupempha nthawi, mphindi 15 za munthu wotanganidwa, pamene anthu awiriwa sanapatsane ndi moni womwe. Zili ngati mlendo amene wangoti odi, mwininyumba asanayankhe n'komwe, iye wayala kale katundu wake pakhonde.

Mnyamata yemweyo atha kulemba chonchi:

"Moni Mayi Uje. Ndawerenga zomwe munalemba za mapampu otsekeka ndi mchenga ku Dedza. Ndimagulitsa ndi kuika mapampu a sola, ndipo vutoli ndimakumana nalo. Ndingakonde kumaona zolemba zanu."

Uthengawu ukukwana mu zilembo 200, ndipo chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba chikutchula dzina la mayiyo, ndipo liyenera kulembedwa monga mmene lilili pa tsamba lawo, pamodzi ndi ulemu wake. Ngati ndi Dokotala kapena Pulofesa, atchulidwe choncho. Chachiwiri ndicho mtima wa uthenga wonse: chikunena chinthu chenicheni chomwe chamubweretsa. Sanangoti "ndachita chidwi ndi ntchito yanu", mawu omwe wogulitsa aliyense amayambira, koma watchula mchenga ndi Dedza. Munthu amene sanawerenge zomwe mayiyo analemba sangadziwe zimenezi, ndipo mayiyo aona okha kuti uyu anawerengadi.

Chiganizo chachitatu ena angachione ngati chodabwitsa, popeza mnyamatayu wanena poyera kuti ndi wogulitsa. Iye sanalakwitse. Kubisa ntchito sikuthandiza, chifukwa mzere wa pansi pa dzina lake umaoneka limodzi ndi pempho, ndipo mayiyo atha kutsegula tsamba lake nthawi yomweyo. Akapeza kuti amene amadzionetsa ngati wongokonda zaulimi ndi wamalonda, chikhulupiriro chimathera pomwepo. Kunena ntchito yako n'kosiyana ndi kuitsatsa. Mnyamatayu sanatchule mtengo, sanatame kampani yake, sanaike nambala ya foni kapena adiresi ya tsamba lake. Chiganizo chomaliza chikupempha chinthu chosawadyera mayiyo nthawi: angodina Accept, zatha.

Pali njira yosavuta yoyesera uthenga musanautumize. Chotsanipo dzina la wolandirayo, ndiye mudzifunse ngati otsalawo mungawatumize kwa munthu wina osasintha kanthu. Ngati mungathe, ndiye kuti simunalembere munthu, mwalembera gulu. Kuti mupeze chiganizo chomwe ndi chake chokha, muyenera kukhala kaye pa tsamba lake mphindi zingapo: onani zomwe walemba posachedwa, kumene anaphunzira, msonkhano umene analankhulapo, kapena mnzanu amene nonse mumamudziwa. Koma chomwe mwatchulacho chikhale choona. Osanena kuti munakumana pa msonkhano pamene munangomuona ali kutsogolo, ndipo dzina la mnzanu musalitchule musanamupemphe, chifukwa wolandirayo atha kumufunsa.

Nanga ngati simwapeza chilichonse chokulumikizani? Apo ndi bwino kudina Follow m'malo mwa Connect. Mukatero mumaona zolemba zake popanda kumupempha kanthu. Mutha kuyankhapo zanzeru pa zomwe walemba, ndipo tsiku lomwe mudzatumize pempho dzina lanu silidzakhala lachilendo. Kumwaza mapempho mwachisawawa kuli ndi chilango chake. Amene wakana pempho atha kuuza LinkedIn kuti sakukudziwani, ndipo otere akachuluka, LinkedIn imatha kukuletsani kutumiza mapempho ena. Komanso mukabweza pempho lanu podina Withdraw, mumadikira mpaka masabata atatu kuti mutumizenso kwa munthu yemweyo, choncho uthenga wolemba mothamanga sukonzeka mawa lake.

Zomwezi zikukhudzanso ofuna ntchito. "Ndili ndi digiri ya zowerengera ndalama, chonde ndithandizeni ntchito iliyonse" ndi kutsatsanso, kungoti katundu wake ndi mwini wakeyo. Wolandira sangachite kanthu ndi pempho lotere, ndipo pofuna kupewa kukhumudwitsa munthu amangolisiya. Womaliza maphunziro amene walemba kuti anaphunzira pa sukulu imodzi ndi mkuluyo, ndipo akufuna kuphunzira mmene ntchito yofufuza mabuku a ndalama imayendera, wapempha chinthu chotheka.

Pamene ambiri amagwera ndi pambuyo pa Accept. Mayi aja akangolola, mnyamata amaona ngati chitseko chatseguka, ndipo ola lisanathe watumiza mndandanda wa mitengo. Apo mayiyo amazindikira kuti uthenga wabwino uja unali nyambo, ndipo kumuchotsa n'kosavuta: Remove connection. Uthenga wachiwiri uyenera kupitiriza nkhani yomwe inayambika. Mnyamatayu athokoze mwachidule, kenako afunse ngati alimiwo amatunga madzi mumtsinje mwenimweni kapena m'zitsime zokumba m'mbali mwake. Angathenso kunena zomwe iye amachita, monga kuika sefa ndi kukweza kamwa la paipi kuti lisagone pamchenga. Mayiyo akayankha, macheza ayamba, ndipo za mtengo adzafunsa okha akadzafuna pampu. Akapanda kuyankha, mnyamatayu asawatsatire ndi mauthenga owakumbutsa. Apitirize kuwerenga zolemba zawo, n'kudzalembanso pokhapokha akakhala ndi chatsopano chokhudza ntchito ya mayiyo.