Siliva amayamba ndi ayodayidi

Kolorayidi ndi ayodayidi akasungunukira m'madzi amodzi, diso silingawasiyanitse ndipo sefa sangagwire kanthu. Komabe akatswiri a kemisitiri amawalekanitsa ndi mankhwala amodzi okha, siliva nayitireti (AgNO₃), podontheza pang'onopang'ono.

Siliva akakumana ndi aliyense mwa awiriwa amapanga mchere wovuta kusungunuka, womwe umadikha pansi ngati nsenga. Mchere wotere uli ndi malire ake otchedwa Ksp. Mumachulukitsa mlingo wa siliva ndi mlingo wa mnzakeyo m'madzimo; yankho likapyola Ksp, nsenga zimayamba. Pa madigiri 25, Ksp ya AgCl ndi pafupifupi 1.8 × 10⁻¹⁰, pomwe ya AgI ndi 8.5 × 10⁻¹⁷. Ya AgI ndiyo yaing'ono kwambiri, choncho ayodayidi ndiye amayamba kugwa.

Tiyerekeze kuti tili ndi mamililita 100 a madzi, ndipo kolorayidi ndi ayodayidi aliyense ali pa mlingo wa mamolo 0.010 pa lita. Tikagawa Ksp ndi 0.010 timapeza siliva wofunika kuti nsenga ziyambe: ayodayidi amafuna 8.5 × 10⁻¹⁵ basi, koma kolorayidi amadikira mpaka siliva afike pa 1.8 × 10⁻⁸. Dontho loyambirira likangogwa, madzi amachita chikasu chotuwa, ndiye AgI ameneyo. Ayodayidi akadalipo wambiri, amalanda siliva yense wolowa, ndipo kolorayidi sapeza gawo.

Nanga pamene AgCl woyera akuti ayambe, ayodayidi amakhala atatsala wochuluka bwanji? Gawani 8.5 × 10⁻¹⁷ ndi 1.8 × 10⁻⁸, mupeza 4.7 × 10⁻⁹. Ndiye kuti pa tizidutswa 2 miliyoni ta ayodayidi patsala kamodzi kokha. Ngati siliva nayitireti wathu ndi wa mamolo 0.10 pa lita, malire amenewa timafikapo titathira mamililita 10. Apo mpoimira n'kusefa.

Papepala zimaoneka zophweka, koma ambiri amalakwira pa dzanja. Mukathira mopupuluma osatakasa, siliva amaunjikana pamene dontho lagwera, AgCl n'kupangika nthawi isanakwane ndi kukwiririka mu nsenga zachikasu zija. Mtundu nawo ngwosadalirika, poti choyera chochepa sichioneka pakati pa chikasu. N'chifukwa chake ena amaviika waya wa siliva wolumikizidwa ku mita ya mavoti: ayodayidi akatha, nambala imadumpha. Amathiranso asidi wa nayitiriki pang'ono kuti kaboneti asalande siliva, ndipo amapewa dzuwa chifukwa kuwala kumadetsa AgCl.

Mukakayikira kuti zasakanikirana, tsukani nsengazo ndi amoniya wosungunula m'madzi. AgCl amasungunuka, AgI amatsala pasefa, ndipo mukathira asidi wa nayitiriki m'madzi otsukirawo, mbuu woyera amaulula kolorayidi amene anazembera.