Bolodi Yodzikonza Yokha Isakunamizeni

M'maofesi ambiri muli bolodi la pa kompyuta losonyeza malonda a dzulo, ndipo palibe amene amalijambula pamanja. Kapulogalamu kakang'ono ka Python ndi kamene kamagwira ntchitoyi: kamafunsa nkhokwe ya deta, kujambulanso matchati, kenako kufufuta zakale n'kuikapo zatsopano. Wokadzutsa ndi `cron`, ndipo mzere uwu umatanthauza 6 koloko m'mawa uliwonse:

```
0 6 * * * python3 malonda.py
```

Vuto limabwera pofufutapo. Magetsi akazima kapulogalamuko kali mkati molemba, bolodi limatsala ndi tchati choduka pakati, aliyense n'kumachiona. Odziwa ntchito amayamba alemba pa fayilo yongoyembekezera, ikatha bwinobwino m'pamene amaisinthanitsa ndi yakale pogwiritsa ntchito `os.replace`, yomwe imasintha kamodzi n'kamodzi.

Choopsa kwambiri, kwa ine, n'chakuti nkhokwe ikhoza kubweza mizere yosakwanira popanda kudandaula kulikonse. Ngati dzulo inabwera mizere 5,000 lero n'kubwera 12, kapulogalamuko kakane kufufuta, katumize uthenga kwa mwini wake. Pakona pa tchati pazilembedwanso nthawi imene chinakonzedwa, kuti bwana asapange chiganizo ndi manambala a sabata yatha.