Chithunzi cha ukwati cha anthu amene sanajambulitsepo limodzi

Mwamuna ali ku Joni, mkazi ali kumudzi ku Mangochi, ndipo ankhoswe anamanga banja mwamunayo kulibe. Tsopano mkaziyo wabwera kwa wojambula ndi zithunzi ziwiri, akufuna chimodzi chopachika pabalaza. Masiku ano mapulogalamu a AI amatha kuziphatikiza, koma nkhope ikasintha kasitomala salipira, ndipo pepala ndi inki zimapita pachabe.

Ntchito imayambira pa zithunzi zimene kasitomala wabweretsa. Nkhope zonse ziwiri zizioneka bwino, zoyang'ana kutsogolo, zopanda chipewa kapena magalasi akuda. Ngati zikubwera pa WhatsApp, wotumiza asankhe Document, chifukwa njira yanthawi zonse imachepetsa chithunzi ndipo nkhope imafufutika. Wojambula afunsenso kuti wamtali ndani, nanga mnzakeyo amamulekeza pati, poti pulogalamu singadziwe zimenezi kuchokera pa zithunzi zosiyana.

Kenako amalowetsa zithunzi zonse ziwiri ndi kulemba malangizo. Chingerezi ndicho mapulogalamu ambiri amamva bwino:

```
Make one wedding portrait from photo 1 (man) and photo 2 (woman).
Keep each face, age and skin tone exactly as in the photos.
Waist up, side by side. Her head reaches his chin.
Navy suit, white dress. Same soft light on both, plain grey background.
```

Mzere wachiwiri ndiwo wofunika kwambiri. Ukasowa, pulogalamu imakonda kuyeretsa khungu, kusalaza makwinya ndi kuchepetsa mphuno, mpaka abale sangamuzindikire munthu wawo. Mzere wachitatu umadula chithunzi m'chiuno ndi kunena msinkhu. Kudula chonchi kumakulitsa nkhope ndi kuchotsa miyendo, choncho malo olakwika amachepa. Womaliza umatchula zovala ndi kulamula kuwala kofanana, kuti mmodzi asaoneke ngati wongomatidwapo.

Asanasindikize, wojambula aike chithunzi chatsopano pafupi ndi zakale, achikulitse, ayerekeze maso, makutu, mano ndi zipsera. Ngati manja akuoneka, awerenge zala. Nkhope ikaphonya, ndi bwino kuyambanso ndi zithunzi zoyambirira, chifukwa kukonza chokonzedwa kale kumaisinthabe pang'onopang'ono.

Kukula kwake nakonso nkofunika. Chithunzi cha mainchesi 8 kwa 10 chimafuna mapikiselo 2400 kwa 3000 kuti chituluke chakuthwa. Chimene pulogalamu yatulutsa chikachepera apo, achikuze kaye kenako ayang'anenso nkhope. Kasitomala avomereze pafoni pepala lisanalowe m'makina, ndipo alipire ndalama ina poyamba yokwanira bandulo ndi nthawi yoyesa kangapo.

Anthu onse awiri avomere, ngakhale ndi uthenga wamawu. Ngati mmodzi anamwalira, abale ake adziwe. Popanda izi, wojambula angapezeke wakwatitsa mwamuna wa mwini pachithunzi, mlandu nkumugwera. Chithunzi chotere ndi chokumbukira basi, sichikhala umboni wa ukwati kukhoti kapena pofunsira viza, ndipo wochifuna pa zimenezo ndi wofunika kumubweza.