Deti lobadwa likafufutika pa khadi la mwana

Sukulu zikamatsegulidwa mu Seputembala, pakhomo pa ofesi ya aphunzitsi aakulu pamakhala mzere wa amayi, aliyense ali ndi mwana kudzanja ili, kabuku ka kusikelo kudzanja linalo. Tiyerekeze mmodzi mwa iwo. Kabuku kake kanavumbwa denga litadontha, inki inayenderera, ndipo pamzere wa tsiku lobadwa pangotsala banga lobiriwira.

"Mayi, mwanayu ali ndi zaka zingati?" afunsa aphunzitsi aakulu. Mayiyo ayankha kuti anabadwa kukutentha, anthu akusosa m'minda. Koma kaundula wa sukulu amafuna tsiku, mwezi ndi chaka, chifukwa mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Kale ankangomuuza mwana kuti adutsitse mkono pamutu n'kugwira khutu, njira yomwe inkabweza ana ambiri ochepa msinkhu ngakhale zaka zitakwana.

Mphunzitsi wodziwa ntchito satseka kabukuko msanga. Amatsegula tsamba la katemera. Katemera wa BCG amaperekedwa mwana akangobadwa, ena amatsatira pa masabata 6, 10 ndi 14, pomwe woyamba wa chikuku amabwera pa miyezi 9. Ngati deti la katemera wa chikuku likuwerengeka kuti Juni 2020, kubwerera m'mbuyo miyezi 9 kukutifikitsa mu Seputembala 2019, nyengo yomwe mayi uja watchula. Ndiye kuti pofika Seputembala 2025 mwanayo wakwanitsa zaka 6.

Njirayi ili ndi malire ake. Mwana amene anachedwa kubayitsa amaoneka wamng'ono kuposa zaka zake zenizeni, n'chifukwa chake ndi bwino kuyerekezanso ndi khadi la ubatizo kapena kaundula wa kuchipatala komwe anabadwira. Deti lolembedwa mongoganizira limamutsata mwana mpaka pa mayeso a Sitandade 8, ndipo likadzasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga akafika zaka 16, kukonza kwake kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera.

Chotchinga mavuto onsewa ndi chiphaso cha kubadwa. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limati mwana aliyense alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire. Ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la NRB, lomwe lili ndi ofesi kwa DC m'boma lililonse. Wobadwira kuchipatala amalembedwa konko pa fomu ya NR8. Amene nthawi inamupitirira angathe kulembetsedwabe, makolo akapita ndi ziphaso zawo za unzika komanso umboni wa kuchipatala kapena wa amfumu.

Makolo, onani makadi a ana anu lero. Ngati inki yayamba kuzilala, ajambulitseni pa fotokope, muwasunge m'pepala lapulasitiki, ndipo mukayambe za chiphaso cha kubadwa sukulu zisanatsegulidwe.