Ndalama yobweza ngongole imagawika pawiri

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa kaunjika wakongola K300,000 kubanki, yoti abweze m'miyezi itatu, chiwongoladzanja chake 5 peresenti pamwezi. Amuuza kuti azipereka K110,163 mwezi uliwonse. Ambiri timangoloweza nambala imeneyi n'kupinda pepalalo, osadziwa kuti muli ndalama ziwiri zosiyana: ina ndi chiwongoladzanja, phindu la banki, ina ndi yodula ngongole yeniyeniyo.

Pa ngongole ya mtundu uwu, chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yomwe yatsala, osati yomwe munatenga poyamba. Banki imayamba yatapa chiwongoladzanja chake, ndipo zotsalazo ndi zimene zimachepetsa ngongole.

Mwezi woyamba mayiyu ali ndi ngongole yonse ya K300,000. Chiwongoladzanja chake ndi K15,000. Tikachotsa imeneyi pa K110,163, patsala K95,163, ndipo iyi ndiyo yadula ngongole, kuitsitsa kufika pa K204,837.

Mwezi wachiwiri 5 peresenti ija siiwerengedwanso pa K300,000 ayi, koma pa K204,837, ndiye chiwongoladzanja chatsika kufika pa K10,242. Mayi wapereka ndalama yomwe ija, koma ulendo uno K99,921 yapita kungongole, n'kutsala K104,916. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja changokhala K5,246, ndipo zina zonsezo zatseka ngongole. Kakwacha kamodzi kongopitirira sikodetsa nkhawa, amakakonza pa malipiro omaliza. Chiwongoladzanja chonse chakwana pafupifupi K30,489.

Apa ndi pamene ndimafuna anthu atatsegula maso. Wobwereketsa wina adzatchulanso 5 peresenti yomweyo, koma n'kumaiwerengera pa K300,000 miyezi yonse itatu, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Ameneyo atenga K15,000 katatu, yonse pamodzi K45,000. Pakamwa peresenti ndi imodzimodzi, koma m'thumba mwatulukanso K14,500 ndi kanenepo. Kuzindikira kwake n'kosavuta: yang'anani mzere wa chiwongoladzanja pa ndandanda wa kabwezedwe. Ngati nambala yake siikutsika mwezi ndi mwezi, ndiye kuti sakuwerengera pa ndalama yotsala.

Samalaninso ndi nthawi yomwe peresentiyo ikunena. Mabanki amakonda kutchula ya pachaka, ndipo kuti mupeze ya pamwezi muigawe ndi 12. 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi. Mukadumphitsa mwezi, ngongole siitsika, chiwongoladzanja chimapitirira kuwerengedwa pa ndalama yaikulu ija, ndipo nthawi zambiri pamabweranso chindapusa. Pa ngongole ya zaka zingapo, miyezi yoyambirira gawo lalikulu limathera kuchiwongoladzanja, n'chifukwa chake munthu amadabwa kuti wabweza chaka chathunthu koma ngongole yangosuntha pang'ono.

Musanasaine, pemphani ndandandawo, mukhale pansi ndi foni yanu, muwerengere nokha mizere iwiri yoyambirira. Ikapanda kugwirizana ndi zomwe alembazo, funsani cholembera chisanakhudze pepala.