Chingwe Chimodzi Chikamadukiza Ofesi Yonse

Mnzanga woyang'anira makompyuta pa ofesi ina anandifunsa chifukwa chake netiweki yawo imaima kwa masekondi angapo kenaka n'kubwerera yokha. Vutoli linkandizunguza mutu inenso kale, chifukwa ukamafika pamalopo zonse zimakhala zili bwinobwino.

Swichi ili ngati mlonda wapageti wokhala ndi kabuku kosonyeza chipinda cha aliyense. M'kabukumo imalembamo nambala ya MAC ya kompyuta iliyonse ndi poti yomwe yalumikizidwa. Maswichi akakhala ambiri, amagwirizana kudzera mu STP kutseka njira zina kuti uthenga usamangozungulira.

Tsono poti ikazima n'kuyakanso, swichi imaganiza kuti njira zasintha, ndipo imadziwitsa anzake onse. Pa STP yakale, zolembedwa zomwe zimasungidwa masekondi 300 zimafufutika pakangotha 15. Pa RSTP zimafufutidwa nthawi yomweyo. Mlonda wopanda kabuku amagogoda chitseko chilichonse: uthenga wa munthu mmodzi umamwazidwa ku mapoti onse mpaka swichi itaphunziranso. Zikachitika kamodzi palibe amazindikira. Koma chingwe chikakhala chokhwepa n'kumadukaduka, mizere imadzaza, mafoni a pa netiweki n'kumadula mawu.

Pa swichi ya Cisco lembani:

```
show spanning-tree detail
```

Muona kuchuluka kwa kusinthaku ndi poti yomwe kwachokera komaliza. Itsatireni swichi ndi swichi. Kwa mnzangayu tinakathera pa pulinta ya chingwe chothyoka kamutu.

Sinthani chingwecho, ndipo poti iliyonse ya kompyuta kapena pulinta muiike `spanning-tree portfast` kuti isamadzidzimutse maswichi. Koma poti yopita ku swichi ina musaiike zimenezi.